Mfundo Zofunika: Zimene Ndaphunzira Pamwamba pa Zenera

Mayi ena amene anapuma ntchito yauphunzitsi anandiitana kunyumba kwawo ku Chirimba mvula ili mkati. Dandaulo lawo linaoneka laling'ono. Zenera lalikulu la pabalaza linali litasiya kutseguka, ndipo galasi limodzi linasweka lokha usiku popanda woligenda. "Abambo, mwina ndi dzimbiri chabe," anatero, "mungondithirirako mafuta." Nditakoka chingwe kuchokera pa ngodya ina ya felemu kufika pa inzake, ndinapeza kuti pakati felemuyo yatsika pafupifupi sentimita imodzi ndi theka. Panja, pulasitala anali atang'ambika kuyambira pa ngodya ya kumanzere kukwera chopendekera mpaka pansi pa malata. Vuto linali mu lintelo, mtanda wa konkire uja umene timaika pamwamba pa zenera kapena chitseko, umene ena amangoutcha bimu ya pazenera. Nyumbayo inali ndi zaka zinayi zokha. Mfundo zili m'munsizi ndazitola pa zenera limenelo, ngakhale kuti ndinali nditaziona kale m'nyumba zambiri.

1. Mukaboola khoma, katundu sachoka, amangofuna njira ina.

Khoma losaboola silivuta. Njerwa iliyonse imatsamira pa ziwiri za pansi pake, ndipo kulemera kumatsika chomwecho mpaka ku maziko. Mukasiya mpata wa zenera, njerwa za pamwamba pa mpatawo zimasowa potsamira. Ntchito ya lintelo ndi kulandira katunduyo ndi kumupereka kumbali ziwiri, kumene khoma lidakalipo. Ngati lintelo palibe, kapena ilipo ya dzina lokha, katundu amakhala pa chilichonse chimene wachipeza, ndipo chimene amachipeza ndi felemu.

Amisiri ambiri amayala njerwa pa felemu yachitsulo mwachindunji, n'kuponyapo waya wa bulikifosi mizere iwiri, n'kunena kuti felemu ndi chitsulo, ipirira. Pa chitseko cha kuchimbudzi mwina zingapite bwino kwa zaka. Koma felemu imapangidwa ndi chitsulo chopyapyala chopinda, ndipo ntchito yake ndi kugwira chitseko ndi magalasi. Kuisenzetsa khoma kuli ngati kupatsa mwana udindo wa bambo chifukwa choti wayamba kutalika. Sakana, ndipo masiku oyamba amaoneka ngati akutha. Kupindika kumadza pang'onopang'ono, ndipo woyamba kulira amakhala galasi.

2. Muyambe mwadziwa chimene mukusenza.

Munthu akandifunsa kuti pa zenera lake aike zitsulo zingati, ndimamufunsa kaye chimene chili pamwamba pa zeneralo. Ngati pamwamba pali khoma lalitali, lintelo simasenza lonse. Njerwa zomangidwa molumikizana bwino zimakankhana chammbali ngati m'mene umachitira mlatho wokhota, ndipo zimene zimatsalira lintelo ndi za m'kachigawo kooneka ngati phiri la nsonga, kamene tsinde lake ndi kukula kwa mpata ndipo msinkhu wake ndi theka la mpatawo. Pa zenera la mamita 1.8, phiri limeneli limafuna khoma lokwera pafupifupi masentimita 90 pamwamba pa lintelo, komanso khoma lokwanira mbali zonse ziwiri loti lilandire kukankhako.

Nyumba zathu zambiri zilibe khoma lotere. Kwa mayi aja, mutu wa zenera unali pa mamita 2.1 kuchokera pansi, ndipo khoma linathera pa 2.7. Masentimita 60 okha ndiwo anali pamwamba. Phiri lija silikanakwana, choncho njerwa zonse za pamwamba pa mpata zinali pa lintelo, kuphatikizapo chinthu china chimene mmisiri woyamba sanachiganizire: thirasi ya denga inatera pakati penipeni pa zeneralo.

Tinawerengera limodzi ndi mayiwo pa pepala. Khoma linali la njerwa ziwiri, masentimita 23. Lintelo yoyenera pamalopo, pamodzi ndi njerwa ndi pulasitala za pamwamba pake, imalemera makilogalamu oposa pang'ono 300 pa mita iliyonse, kutanthauza pafupifupi 600 pa zenera lonse. Thirasi, ndi gawo lake la malata, mitengo, siling'i ndi munthu wokwera kukakonza denga, ndinaiyerekeza pa makilogalamu 300. Zonse pamodzi zikuyandikira tani imodzi. Ndinawauza kuti aganize matumba 18 a simenti ataunjikidwa pamwamba pa zenera lawo, usana ndi usiku, pamene zidzukulu zimakhala poonera kunja. Anakhala chete kanthawi, kenako anachotsa mpando umene unali pamenepo.

Nambala zimenezi ndi za nyumba yapansi ya malata. Pamene pamwamba pakubwera silabu, nyumba yosanja, thanki ya madzi kapena denga la matailosi, kapena pamene mpata wapitirira mamita awiri ndi theka monga pa galaja, ine ndimaima n'kuuza mwini nyumba kuti apeze injiniya. Safunsa anadya phula, ndipo pa ntchito yathu phulalo amalidya ndi anthu amene sanalakwe.

3. Mphamvu ya wosenza imathera pamene waponda.

Titagumula pulasitala, tinapeza kuti lintelo yakaleyo inalowa m'khoma masentimita 12 kumanja ndi 5 okha kumanzere. Zimenezi zimachitika motere: mmisiri amadula matabwa ndi zitsulo asanayeze bwino, kapena mwini nyumba amagula zenera lokulirapo mpata utamangidwa kale, ndiye amasema njerwa za m'mbali kuti felemu ilowe. Chimene asemacho ndi phewa la lintelo.

Muyezo umene ndimatsata ndi uwu. Pa chitseko kapena zenera losapitirira mamita 1.2, lintelo ilowe m'khoma masentimita osachepera 15 mbali iliyonse. Mpata ukakula kuposa pamenepo, ndimapereka njerwa yathunthu m'litali mwake, masentimita 23. Choncho chitseko cha masentimita 90 chimafuna lintelo ya mamita 1.2, ndipo zenera la mayi aja la mamita 1.8 linafuna ya mamita 2.26.

Chifukwa chake chili pawiri. Choyamba n'choonekeratu. Mbali iliyonse imalandira theka la katundu, pafupifupi makilogalamu 450. Katunduyo akagawika pa njerwa yathunthu, njerwa simva kanthu. Akaunjikana pa kachidutswa ka masentimita 5, kupanikiza kumakula kuposa kanayi, ndiponso kumagwera m'mphepete penipeni, pamene njerwa imabenthuka msanga. Njerwa zathu zootcha pa uvuni wa kumudzi sizifanana. Zina zimalira ngati chitsulo mukazigogoda, zina zimanyenyeka ndi chala, makamaka za m'mbali mwa uvuni kumene moto sunafike. Ya pansi pa phewa la kumanzere inali ya mtundu wachiwiriwu, ndipo inali theka lokha. Inaphwanyika, lintelo inatsika, ndipo mng'alu uja wokwera chopendekera unayambira pamenepo.

Chifukwa chachiwiri amisiri ambiri sachidziwa. Chitsulo cha m'kati mwa lintelo chimagwira ntchito pokhapokha ngati nsonga zake zagwidwa zolimba ndi konkire kupitirira m'mphepete mwa mpata. Popeza timasiya masentimita awiri ndi theka a konkire kumapeto kuti chitsulo chisaonekere, phewa la masentimita 5 limasiyira chitsulo masentimita awiri ndi theka okha ogwirira. Chili ngati chingwe cha mbuzi chimene mwangochizunguliza pa chikhomo osamanga mfundo.

Ndiye pokonza phewa, sankhani njerwa ndi dzanja lanu. Mizere itatu ya pansi pa lintelo ikhale ya njerwa zathunthu, zopsa bwino, zolumikizana ndi khoma lonse, zomangidwa ndi matope a simenti ngakhale khoma lina lonse litamangidwa ndi dothi. Ngati mukumanga ndi mabuloko a zibowo, dzazani konkire m'zibowo za buloko imene lintelo ikhalepo ndi ya pansi pake, chifukwa buloko yopanda kanthu m'kati imasenza ndi timakoma take topyapyala tokha. Ndaona anthu akuwononga ndalama pa zitsulo zikuluzikulu n'kuzikhazika pa theka la njerwa yosapsa. M'banja ndi pa ntchito timachitanso chimodzimodzi: timatama amene akusenza, osafunsa kuti iyeyo watsamira pa yani.

4. Kuya kumaposa kunenepa.

Tengani thabwa, muligoneke chafulati pa njerwa ziwiri, muimepo. Lipindika. Muliimike chammbali, muimeponso. Silisuntha, chikhalirecho thabwa ndi lomwelo. Lintelo imatsata lamulo lomweli. Mukawirikiza kawiri kuya kwake, kuuma kwake kokana kupindika kumakula pafupifupi kasanu ndi katatu, pamene kuwirikiza mulifupi kumangokupatsani kawiri.

Lintelo yakale ya mayi aja inali yakuya ngati mzere umodzi wa njerwa, masentimita 8. Ngakhale akanaikamo zitsulo zabwino, konkire wochepa chotero sakanatha tani imodzi pa mpata wa mamita 1.8. Muyezo wapafupi ndi kugawa kutalika ndi 12, kuyeza kuchokera pakati pa phewa lina kufika pakati pa linzake, ndipo musatsike pansi pa masentimita 15. Apa kutalikako ndi mamita awiri ndi pang'ono, ndipo yankho ndi masentimita 17, omwe ndi mizere iwiri ya njerwa ndi matope ake. Pa pepala mizere iwiri ikanakwana. Ine ndinasankha itatu, masentimita 25, chifukwa cha thirasi ija komanso chifukwa konkire wosakaniza ndi fosholo pansi safika pa mphamvu ya wosakaniza ndi makina. Kusiyana kwake pa mtengo sikunafike theka la thumba la simenti. Kuya kuzitsata mizere ya njerwa nthawi zonse, kuti khoma lipitirire popanda kudzaza mipata ndi matope okhuthala.

5. Chitsulo chabwino pamalo olakwika n'chimodzimodzi kusakhalapo.

Lintelo ikalemedwa pakati, pamwamba pake pamafinyika ndipo pansi pake pamakokeka. Konkire amapirira kufinyika kwambiri, koma pa kukokeka ndi wofooka, mphamvu yake ndi ngati gawo limodzi mwa magawo khumi a ija yopirira kufinyika. N'chifukwa chake zitsulo zazikulu zimapita pansi. Mu lintelo yakale ija tinapezamo zitsulo ziwiri. China chinali Y10 chabwinobwino, koma chinali chapamwamba, kumene kunalibe ntchito yoti chigwire. Chinacho chinali zidutswa ziwiri zotsala pa zotchingira akuba, zongogundana nsonga pakati pa zenera, pamalo pamene kukokeka kumakula kuposa pena paliponse. Amene anamanga akanatha kulumbira kuti zitsulo anaika, ndipo sakananama.

Ya tsopano tinaimanga motere. Pansi tinaika Y12 ziwiri, chilichonse chathunthu kuchokera phewa kufika phewa, chodulidwa mamita awiri ndi theka kuti nsonga zonse ziwiri zipindidwe chokwera masentimita 15. Kupindako ndiyo mfundo ya chingwe ija. Pamwamba tinaika Y10 ziwiri, zimene ntchito yake yaikulu ndi kugwira maring'i kuti aime. Maring'i anali a R6, chitsulo chosalala cha mamilimita 6, opindidwa masentimita 18 mulifupi ndi 20 msinkhu, otalikirana masentimita 15. Anakwana 16, ndipo lililonse linadya chitsulo pafupifupi masentimita 90.

Maring'i ndiwo amisiri amakonda kuba, chifukwa kupinda ndi kumanga n'kotopetsa. Ena amaika anayi pa lintelo yonse, kungoti zitsulo zisabalalike ponyamula. Koma ali ndi ntchito yawo. Pafupi ndi mapewa, katundu amafuna kudula lintelo chopendekera, monga m'mene nzimbe imathyokera pafupi ndi dzanja logwira, ndipo maring'i ndiwo amasoka malo amenewo. Ngati mukufuna kuwathinanitsa penapake, pakhale kumapeto.

Pa chitseko wamba cha masentimita 90 sipafunika zonsezi. Mizere iwiri ya kuya ndi Y10 ziwiri pansi zimakwana bwino pa khoma la njerwa ziwiri la nyumba yapansi. Ndipo ngati chitsulo chafupika moti simungachitire mwina koma kulumikiza, zidutswazo zipitirirane kutalika kokwana kunenepa kwa chitsulocho kuchulukitsa ndi 50, omwe ndi masentimita 60 pa Y12, ndipo cholumikizacho chisakhale pakati pa mpata. Pa lintelo ya zenera limodzi ine sindilola n'komwe kulumikiza. Chitsulo chimagulidwa chachitali mamita 12, ndipo wodula ndi nzeru amayamba wadula za mipata ikuluikulu.

Chinthu chomaliza pa zitsulo ndi chovala chake. Chitsulo chilichonse chizingidwe ndi konkire wa masentimita awiri ndi theka. Mukachigoneka pa thabwa la pansi, chimadzakhala pamtunda, chinyezi chimachipeza, dzimbiri limafufuma, ndipo konkire amasweka motsata chitsulocho. Masiku awiri ntchito isanachitike, ine ndimaumbitsa timabisiketi ta simenti ndi mchenga tokhuthala masentimita awiri ndi theka, tokhala ndi kawaya, n'kutimangirira pansi ndi m'mbali mwa maring'i. Zibenthu za njerwa sizabwino pa ntchitoyi, zimamwa madzi n'kuwapereka ku chitsulo.

6. Lembani pamene mukadakumbukira.

Malintelo ang'onoang'ono ambiri timaumbira pansi n'kuwakweza atauma. Akauma, pamwamba ndi pansi pamafanana, ndipo amene adzakweze mwina si amene anaumba. Lintelo yokhala ndi zitsulo mbali imodzi ikatembenuzidwa imakhala ngati ilibe chitsulo. Konkire adakali wofewa, tengani msomali mulembepo kuti PAMWAMBA. Ponyamula igwireni kumapeto, ili m'mene idzakhalire pakhoma, ndipo muikhazike pa matope a simenti ofewa, mutayeza ndi levulo, kuti isatsamire pa kansonga kamodzi ka njerwa.

7. Pali ola limodzi limene mwini nyumba sayenera kusowa.

Zonse ndanenazi zimaoneka ndi maso kwa kanthawi kochepa, kuyambira pamene zitsulo zalowa m'matabwa kufika pamene fosholo yoyamba ya konkire yagwera. Likadutsa ola limenelo, palibenso angadziwe popanda kugumula. Mayi aja panthawi yomanga anali akuphunzitsabe kutali, ankatumiza ndalama pa foni n'kumalandira zithunzi za khoma likukwera. Sindiwaimba mlandu. Koma ulendo uno ndinawapempha kuti aime pafupi, ndipo ndinawapatsa tepi m'manja. Anayeza okha mapewa, anawerenga maring'i, analowetsa chala pansi pa chitsulo kuona ngati pali mpata. Mmisiri woona sakwiya ndi zimenezi. Amene amakwiya mwini nyumba akafuna kuona zitsulo wakuuzani kale kanthu.

Konkire wake ndi wa muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga wa kumtsinje wopanda dothi, ndi inayi ya miyala ya kwale ya mamilimita 20. Pa thumba limodzi la makilogalamu 50, ndiye kuti ndowa za malita 20 zitatu ndi theka za mchenga ndi zisanu ndi ziwiri za miyala. Lintelo yathu inadya pafupifupi thumba lonse. Madzi asapitirire ndowa imodzi ndi kachigawo, ndipo achepe ngati mchenga wanyowa ndi mvula. Anyamata othandiza amakonda konkire wa madzi ambiri chifukwa amayenda yekha m'matabwa, koma madzi opitirira muyezo akauma amasiya timabowo, ndipo mphamvu imathawira momwemo. Konkire wabwino amaumbika pa fosholo ngati nsima yofewa, sayenderera ngati phala. Kuti alowe paliponse, mumathira pang'onopang'ono, kusinja ndi chidutswa cha chitsulo, ndi kugogoda matabwa ndi hamala mpaka thovu litasiya kutuluka. Mukachotsa matabwa n'kupeza zibowo ngati zisa za njuchi, zitsulo zikusuzumira, kupakapo pulasitala n'kubisa chilonda chosatsuka.

8. Simenti sauma, amakhwima.

Anthu ambiri amaganiza kuti konkire amalimba chifukwa madzi achoka. Zoona zake n'zakuti simenti amalimba pogwirizana ndi madzi, ndipo madzi akathawa msanga kulimbako kumaima panjira. Lintelo ndi yaing'ono, ili pamwamba, pa dzuwa ndi mphepo, choncho imauma msanga kuposa maziko. Mwezi wa Okutobala ikhoza kuuma tsiku limodzi. Ikutireni ndi masaka onyowa kapena mapepala a simenti, muzithirira m'mawa ndi madzulo kwa masiku asanu ndi awiri.

Matabwa a m'mbali mukhoza kuchotsa pakapita masiku awiri. La pansi ndi mapolo ochirikiza zikhale milungu iwiri, ndipo ngati mukupitiriza kumanga njerwa pamwamba, mapolowo asasunthe. Mphamvu imene timawerengera imafika pa masiku 28. Apa ndi pamene mikangano imabuka, chifukwa matabwa akufunika pa zenera lina ndipo mmisiri amalipidwa nyumba ikafika pa denga. Ndili wachinyamata ndinachotsapo mapolo tsiku lachinayi chifukwa chofuna kusangalatsa bwana wofulumira. Lintelo sinagwe, inangotsika pang'ono pakati n'kukhwimira momwemo, ndipo chitseko cha m'nyumba imeneyo chinapalidwa kangapo konse. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kuyambira pamenepo ndimauza mwini nyumba tisanayambe kuti agule matabwa okwanira mazenera onse, kapena avomere kudikira.

9. Mutu umodzi susenza denga.

Mazenera awiri akayandikana, pakati pakatsala kakhoma kosakwana njerwa ziwiri m'litali, musaike malintelo awiri olimbirana kakhomako. Ikani imodzi yodutsa onse awiri. Koma dziwani kuti pamwamba pa kakhomako zinthu zimatembenuka: lintelo imakhotera m'mwamba, kukokeka kumakhala kumtunda, ndipo zitsulo zapamwamba ziyenera kufanana ndi zapansi.

Maganizo omwewa akafika pamapeto ake amabala bimu yozungulira nyumba yonse pa mutu wa mazenera ndi zitseko, imene timaitcha ring'ibimu. Dziko lathu lili m'chigwa chachikulu chimene nthaka yake imagwedezeka. A ku Salima akukumbukira chivomezi cha mu 1989, ndipo a ku Karonga cha mu Disembala 2009, chimene chinagwetsa ndi kung'amba nyumba zambiri za njerwa. Nthaka ikagwedezeka, ming'alu imayambira pa ngodya za mazenera ndi zitseko, ndipo makoma amalekana pa makona. Malintelo odziimira paokha sathandizana pa nthawi yotero. Bimu yozungulira imamanga makoma onse ngati lamba, bola zitsulo zake zikhote pa makona n'kupitirirana, osangothera pomwepo. Imaperekanso pomangirira mawaya ogwira denga kuti mphepo isalinyamule. Amene akuyamba kumanga lero ndimamulangiza bimu yozungulira ya Y12 zinayi, ndipo ikafika pa zenera lalikulu aiyese ngati lintelo, aone ngati kuya kwake kukukwana mpatawo.

10. Mng'alu umalankhula, muyambe mwaumva musanautseke.

Mayi aja anali atamata mng'alu wawo kawiri, ndipo kawiri konse unabwerera. Mng'alu woongoka, woyambira pansi pa lintelo chapakati n'kumakwera, ukunena kuti zitsulo zapansi zachepa kapena kulibe. Woyambira pa ngodya ya zenera n'kukwera chopendekera ukuloza phewa. Wotsata mizere ya matope ngati masitepe kuchokera mbali zonse ziwiri n'kukakumana pamwamba ukujambula phiri lija, kusonyeza kuti lintelo yatsika ndipo njerwa zaitsatira. Wogona motsata chitsulo, wokhala ndi madontho ofiirira, ndi dzimbiri. Koma mukaona mng'alu ukupitirira pansi pa zenera mpaka ku maziko, lintelo musaiimbe mlandu msanga, pakuti mwina nthaka ndiyo ikutitimira, ndipo mankhwala ake ndi ena. Kuti mudziwe ngati mng'alu ukadayenda, lembani ndi pensulo pamene wathera ndi tsiku lake, mumate kachigamba kopyapyala ka simenti modutsa mng'aluwo, mudzaone pakatha mwezi.

Wa ku Chirimba sunafune kudikira mwezi. Tinayamba ndi kuchirikiza thirasi kuchokera m'kati mwa balaza ndi mapolo awiri a bulugamu, oima pa thabwa lokhuthala kuti asaswe simenti ya pansi, ndipo tinawakhwimitsa ndi timatabwa tosongoka mpaka thirasi itanyamuka pang'ono pakhoma. Kenako tinachotsa magalasi ndi felemu, n'kutsitsa njerwa za pamwamba imodziimodzi. Lintelo yakale inathyoka pawiri anyamata akuitsitsa, pomwe zidutswa za chitsulo zija zinagundana. Tinamanganso mapewa ndi njerwa zosankha, tinadikira masiku atatu, ndipo tinathira konkire. Felemu anaiwongola wowotcherera wa pamsika, ndipo poibwezera tinasiya mpata wa sentimita imodzi pakati pa iyo ndi lintelo, woti udzatsekedwe popaka pulasitala, kuti felemu isadzasenzenso kanthu. Milungu itatu yonse pabalaza panali potseka ndi malata akale. Mapolo a thirasi tinawachotsa pomalizira, njerwa za pamwamba zitagwira, ndipo mayiwo anatsegula zenera lawo ndi dzanja limodzi.